Zithunzi zofufutidwa pa memori khadi, zimakhala zapita kuti?

Wazithunzi: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi vuto. Mng'ono wanga anabwereka kamera yanga, kenako anangodina Delete All osandifunsa, zithunzi pafupifupi 600 za ntchito ya kasitomala zomwe ndinali ndisanakope zapita. Ndiye iye wajambulapo zake zokwana 40. Khadi yake ndi ya 32 GB. Wina wandiuza kuti zimatheka kubweza koma ine sindikumvetsa, chinthu choti chafufutidwa chingabwerenso bwanji? Kapena akungonditonthoza?

Kadzidzi: Achemwali musanawerenge china chilichonse, zimitsani kamerayo, chotsani khadi, ndipo pambali pake pali kabatani kakang'ono kolembedwa Lock, katsitseni. Musajambulenso ngakhale chimodzi. Zinazo tikambirana bwinobwino.

Wazithunzi: Ndachotsa, ndatsitsa kabataniko. Ndiye pali chiyembekezo?

Mjomba: Zimabwera zonse izo osadandaula. Pa kompyuta palibe chimene chimafufutika, chilichonse chimene munasungapo chimakhalabe momwemo mpaka kalekale, nchifukwa chake apolisi amagwira anthu ndi zinthu zoti anadilita zaka zisanu zapitazo. Ingopangani dawunilodi Recuva, pulogalamu yobweza zodilitidwa, basi

Kadzidzi: Mjomba mwanena theka loona. Zoona kuti kudilita sikufufuta fayilo nthawi yomweyo, koma zoti zimakhala mpaka kalekale ayi. Khadi ya 32 GB imasunga 32 GB basi, singasunge zakale ndi zatsopano pamalo amodzimodzi. Chatsopano chikalembedwa pamalopo chakale chatha, ngakhale apolisi sangachipeze.

Ndifotokoze mmene zimakhalira. Khadi ija ili ndi mbali ziwiri. Mbali yaikulu ndi kumene kumakhala zithunzi zenizenizo, ndipo inagawidwa tizigawo ting'onoting'ono tofanana totchedwa makilasita, kalikonse kali ndi nambala yake. Mbali inayo ndi yaing'ono kwambiri, ndi kaundula chabe, mmene mwalembedwa kuti chithunzi chakuti dzina lake ndi ili, kukula kwake ndi uku, chayambira pa kilasita nambala yakuti, ndipo makilasita awa ndi awa ali ndi mwini, awa alibe. Mukadina Delete kamera sipita ku mbali yaikuluyo nkomwe. Imangokhudza kaundula. Zili ngati pa nyumba yogona alendo, wapadesiki wakhwatcha dzina la mlendo m'buku ndi kulemba kuti chipinda 12 mulibe munthu, koma katundu wa mlendoyo akadali mchipindamo mmene anamusiyira. Adzatulutsidwa tsiku limene chipindacho chidzapatsidwe kwa wina. Likhoza kukhala lero madzulo, likhoza kukhala chaka chamawa.

Gologolo: koma nchifukwa chani anapanga choncho, si ulesi umenewo? munthu ndati fufuta, iyo ingonamizira kkkk

Kadzidzi: Ndi nkhani ya nthawi amwene. Achemwaliwa zithunzi 600, tinene kuti chilichonse ndi 6 MB, zonse pamodzi ndi 3.6 GB mwina. Kuti kamera ifufute zenizeni iyenera kulemba maziro pa 3.6 GB yonseyo, zomwe zingatenge nthawi yofanana ndi kukopa mafayilo okula choncho, mphindi zingapo ndithu. Pomwe kusintha kaundula ndi masekondi. Inu simunadabwepo kuti filimu imene munakopa kwa mphindi khumi imadilitika mkuphethira kwa diso? Chifukwa chake nchimenecho, palibe chimene chafufutidwa. Komanso kulemba maziro kulibe phindu kwa makinawo, poti fayilo yatsopano ikabwera idzangolemba pamwamba, sifunika kupeza poyera.

Wazithunzi: Zoona ndithu, mng'ono wanga akuti sizinatenge ndi mphindi yomwe. Ndiye zija 40 wajambulazo zawononga zingati?

Kadzidzi: Tiyeni tiwerengere limodzi. Khadi ya 32 GB nthawi zambiri imasanja mafayilo mwa njira yotchedwa FAT32, ndipo kilasita iliyonse imakhala 32 KB. Chithunzi cha 6 MB chimadya makilasita 192. Zithunzi 40 ndiye kuti makilasita 7,680, kapena kuti 240 MB. Zimene zalembedwa pa khadi chidilitireni ndi zimenezo. Ngati zonse zinagwera pamalo pamene panali zithunzi zanu zakale ndiye mwataya pafupifupi 40, mwina 41 kapena 42 chifukwa zithunzi sizilingana kukula ndiye china chimadulidwa pakati. Zotsalazo 550 ndi kuposerapo zikadali momwemo zathunthu. Koma zikhoza kuthekanso kuti kamera inakalemba kumalo kumene kunalibe kanthu chikhalire, pamenepo simunataye ngakhale chimodzi. Zimatengera kamera yake, ina imayamba kufunafuna malo opanda mwini kuchokera koyambirira kwa khadi, ina imapitiriza pamene inalekezera. Simungadziwe musanayese.

Gologolo: ndiye ndi lotale eti

Kadzidzi: Mbali ina eya. Chokhacho chili m'manja mwanu ndi kuleka kulembapo.

MayiAwiri: Pepani ndilowererepo, ine foni yanga inagwera mmadzi siikuyakanso, zithunzi za ana zonse zili momwemo, pulogalamu mukunenayi ingathandize?

Mjomba: Mayi imeneyo ndi nkhani ina, zanuzo sizinafufutidwe, vuto ndi foni yosayaka. Ikufunika okonza mafoni aiyatse kaye. Mukayiyatsa zithunzi muzipeza zili phee

MayiAwiri: Ohoo chabwino zikomo achimwene

Wazithunzi: A Kadzidzi pali chimene sindikumvetsabe. Ngati kaundula wafufutidwa, pulogalamuyo idziwa bwanji kuti chithunzi chili pati? Si ndiye kufunafuna mumdima?

Kadzidzi: Funso labwino, ndipo apa ndi pamene mapulogalamuwa amasiyanirana. Kaundulayo naye safufutidwa yense. Pa FAT32 mzere wa fayilo iliyonse umakhalabe, chimene chimasinthidwa ndi chilembo choyamba cha dzina, amaikapo chizindikiro cha E5 chotanthauza kuti mzere uno ulibe ntchito. Ndiye DSC_0412.JPG pulogalamu yobweza imakuonetsani ngati _SC_0412.JPG, chilembo choyamba chasowa koma kukula kwa fayilo ndi tsiku zikadalipo, komanso nthawi zambiri nambala ya kilasita yoyambira. Chimene chimatayika ndi unyolo, mndandanda uja wonena kuti ukachoka pa kilasita iyi upite pa iyi kenako iyi. Ndiye pulogalamu imangoganiza kuti fayilo inalembedwa mondondozana, imayambira pa kilasita yoyambayo ndi kuwerenga 192 otsatana. Pa khadi ya kamera imene mumaifomata musanayambe ntchito kuganiza kumeneku kumakhala kolondola pafupifupi nthawi zonse, chifukwa kamera imalemba chithunzi chimodzi kumaliza, kenako china pambuyo pake.

Njira yachiwiri siyang'ana kaundula nkomwe. Imawerenga khadi yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto kufunafuna zizindikiro. Mtundu uliwonse wa fayilo uli ndi kayambidwe kake, JPEG iliyonse imayamba ndi mabayiti FF D8 FF ndipo imathera ndi FF D9. Pulogalamu ikapeza FF D8 FF koyambirira kwa kilasita imati apa payambira chithunzi, nkumatola mpaka kumathero. PhotoRec imagwira ntchito choncho. Ubwino wake imapeza ngakhale zimene mzere wake wa mkaundula unalembedwapo kale zina, kuipa kwake mayina ndi mafoda sizibwera, mupeza mafayilo a mayina ngati f0183424.jpg ali mbwee mufoda ya recup_dir.1. Kwa zithunzi si vuto lalikulu poti tsiku ndi nthawi yojambulira zimasungidwa mkati mwa chithunzi momwemo, mutha kuzisanja nazo.

Nyerere: Ndionjezepo, ine ndimakonda kuyamba ndi TestDisk, imabwera limodzi ndi PhotoRec mu zipi imodzi, zonse zaulere. Ukapita pa Advanced kenako Undelete imaonetsa mayina a zodilitidwa, ukasankha nkukopera kwina. Zikakanika mpamene ndimapita ku PhotoRec. Maonekedwe ake ndi oopsa, sikirini yakuda ndi malemba okhaokha, koma si yovuta

Mjomba: Recuva ndi yophweka kwa munthu wamba, zakuda zanuzo muwasokoneza nazo achemwaliwa

Kadzidzi: Iliyonse angayambe nayo, sindikangana nanu pamenepo. Chachikulu ndi ichi achemwali: zimene zikubwezedwazo zisasungidwe pa khadi yomweyo. Sankhani foda ya pa laputopu kapena fulashi ina. Anthu ambiri amaphera pamenepa, pulogalamu yapeza zithunzi 500, iwo akuti sunga pa khadi pomwepo, ndiye chithunzi choyamba kubwezedwa chikukalembedwa pamwamba pa cha nambala 200 chimene sichinabwezedwe. Ukudya zomwe ukufuna kupulumutsa. Komanso kompyuta ikakufunsani kuti mufomate khadi kapena kuti Scan and fix, kanani.

Ngati muli ndi Linux kapena mnzanu ali nayo, chanzeru ndi kukopa khadi yonse kukhala fayilo imodzi kaye, ndi malo ooneka opanda kanthu omwe, nkumagwira ntchito pa kopeyo:

```
sudo ddrescue /dev/sdb khadi.img khadi.map
photorec khadi.img
```

Koma onetsetsani ndi lsblk kuti khadi yanu ndi sdb zoona, kwa ena imakhala dzina lina. Mukatero khadi yeniyeniyo mutha kuisunga mudirowa, muyese mapulogalamu asanu pa kopeyo osaopa kanthu.

Wazithunzi: Ndilibe Linux, ndili ndi Windows basi. Ndiyesa ndi kabatani kotsitsa kaja. Pa PhotoRec ikundifunsa Free kapena Whole, ndisankhe chani?

Nyerere: Free, kuti ifufuze malo opanda mwini okha. Mukasankha Whole ikubweretseraninso zija 40 za mng'ono wanu zomwe zilipo kale, kungochulutsa ntchito

Wazithunzi: Yayamba, ikuti itenga nthawi. Ndibweranso

Gologolo: podikirapo, ine ndinadilita foda ya sukulu pa laputopu, ndinakhuthula ndi Recycle Bin yomwe, patangopita maola awiri ndinayesa Recuva yomweyi. mayina onse inawapeza bwinobwino, ena mpaka kuonetsa kadontho kobiriwira kuti ali bwino, koma kutsegula fayilo iliyonse Word imangoti yawonongeka. sindinasungepo chilichonse chatsopano pa maola awiriwo. ndiye zimene mukunenazi zoti mpaka zitalembedwapo zina sizoona kwa aliyense

Kadzidzi: Laputopu yanu ili ndi hadi disiki yozungulira ija kapena SSD?

Gologolo: SSD, ndi yatsopanoko

Kadzidzi: Basi ndi chimenecho. Lamulo lija loti fayilo imakhalapo mpaka italembedwapo ina limagwira bwino pa hadi disiki ya mbale zozungulira, ndi pa mafulashi ndi makhadi ambiri. Pa SSD nkhani inasintha. Hadi disiki itha kulemba pamwamba pa zakale mwachindunji, maginito amangotembenuzidwa. Tchipisi ta SSD sititha kutero, malo ayenera kufufutidwa kaye asanalembedwenso, ndipo kufufutako kumachitika pa chigawo chachikulu nthawi imodzi komanso nkochedwa. Ndiye kuti SSD isamachedwe, Windows ikangodilita fayilo imatumiza uthenga wotchedwa TRIM kuuza disikiyo kuti malo awa ndi awa sakufunikanso. Zinayamba ndi Windows 7 mu 2009. SSD ikalandira uthengawo imasiya kuwawerengera malowo, ukawafunsa ambiri amangobweza maziro nthawi yomweyo, kenako panthawi yake imawafufuta zenizeni ikamakonza mkati mwake.

Mayina munawapeza chifukwa amakhala kwina, mu kaundula wotchedwa MFT wa NTFS, njira imene Windows imasanjira mafayilo, ndipo mzere wa fayilo yodilitidwa umakhalabe mpaka utapatsidwa fayilo ina. Kadontho kobiriwira kaja kamangotanthauza kuti palibe fayilo ina imene yatenga makilasita ake, Recuva siinaname, koma siidziwa kuti disiki yakhuthula kale pansi pake. Mukanatsegula fayilo imodzi ndi pulogalamu yoonetsa mabayiti mukanaona 00 00 00 kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mutha kuona ngati TRIM ikugwira ntchito polemba izi mu Command Prompt:

```
fsutil behavior query DisableDeleteNotify
```

Ikayankha 0 ndiye kuti ikugwira.

Gologolo: yayankha 0. ndiye zinapita basi

Kadzidzi: Zinapita amwene, pepani. Mwina tifayilo ting'onoting'ono kwambiri tokha, tosakwana mabayiti 700 kapena chapompo, chifukwa totere NTFS imatisunga mkati mwa mzere wa mkaundula momwemo, sitipatsidwa makilasita. Koma dokyumenti ya Word singachepe choncho.

Nyerere: Komanso a Gologolo zoti simunasungepo kanthu pa maola awiri, pa disiki imene pali Windows palibe zimenezo. Kompyuta ikangoyaka imakhala ikulemba yokha, bulawuza ikusunga tizidutswa ta mapeji, ma apudeti, mafayilo ongoyembekezera. Ndipo Recuva yomweyo munaiika pa disiki yomweyo eti? Ngakhale ikanakhala hadi disiki yakale mukanaluzako zina

Gologolo: nanga ndikanaiika pati kkkk

Nyerere: Pa fulashi, kapena kuzimitsa laputopu nkuchotsa disiki kukailumikiza pa kompyuta ina

Mjomba: Ndiye nzeru ndi kungozimitsa TRIM yo, ukadilita molakwitsa uzitha kubweza

Kadzidzi: Zimatheka kuzimitsa koma ine sindingalangize. Mukuchedwetsa disiki yanu ndi kuitopetsa tsiku lililonse pofuna kudziteteza ku ngozi imene bakapu imathetsa bwino kuposa. Ndipo ngakhale mutazimitsa, Windows ikhala ikulembabe pamalo opanda mwiniwo.

Mjomba: Koma ine ndinabwezapo zinthu pa SSD, ya kunja yolumikiza ndi USB, zinabwera zonse bwinobwino

Kadzidzi: Sindikutsutsa. Tibokosi tina ta USB sitidutsitsa uthenga wa TRIM, ndiye disiki simva kuti malowo amasulidwa, imakhala ngati hadi disiki wamba. Tina timadutsitsa. Inu munali ndi mwayi, koma musauze anthu kuti zimatero nthawi zonse.

Wazithunzi: Ndabwera!! Yamaliza. Yapeza ma JPG 571. Ndadutsamo mwachangu, ambiri akutseguka bwinobwino mtima wanga wakhala pansi. Koma pali zodabwitsa. Zoyambirira za mmawa wa tsikulo palibe, zikuyambira chapakati pa mwambo woyamba. Pali zitatu zomwe theka lakumwamba likuoneka koma kumunsi ndi kotuwa kokhakokha, chimodzi kumunsi kwake kuli mizere ya mitundumitundu. Zapezekanso zina za chaka chatha zomwe ndinaiwala nkomwe. Ndipo mavidiyo awiri abwera, kukula kwake kukuoneka kolondola koma sakuseweredwa

Kadzidzi: Zonsezo zikugwirizana ndi zimene tinawerengera. Za mmawa zija ndi zimene zinali koyambirira kwa khadi, kamera yanu ndi ya mtundu woyambira kumayambiriro, ndiye zithunzi 40 za mng'ono wanu zakhala pamenepo. Zimenezo ziiwaleni, palibe pulogalamu yolipira kapena katswiri amene angazibweze, wina akakuuzani kuti atha akufuna ndalama zanu chabe.

Zotuwa kumunsizo, JPEG imawerengedwa kuchokera pamwamba kutsika, ndiye ngati mutu wa fayilo ulipo koma makilasita akumapeto ndi a chinthu china, chithunzi chimajambulika mpaka pamene deta yoona yathera, kotsalako nkungodzaza utoto wotuwa kapena zinyalala. Zimachitika pa zifukwa ziwiri. Mwina mchira wake unalembedwapo zina, apo palibe chochita. Kapena fayiloyo sinalembedwe mondondozana, inagawika pawiri chifukwa munadilitapo chithunzi chimodzichimodzi pa kamera nkusiya mipata imene chithunzi chotsatira chinadzaza mbali ina apa mbali ina uko. Zikatero theka linalo likadali pa khadi penapake, kungoti unyolo wolumikiza uja unatayika.

Wazithunzi: Eya ndimakonda kudilita zosaoneka bwino ndili pa ntchito pomwepo. Ndiye ndingadziwe bwanji kuti ndi chifukwa chiti?

Kadzidzi: Onani nthawi imene zinajambulidwa. Ngati zili pakati pa tsiku, zozunguliridwa ndi zinzake zabwinobwino, ndiye ndi kugawika. Yesaninso ndi TestDisk muone ngati ingazibweretse mosiyana, ngakhale pa FAT32 nayonso imangoganiza kuti zili mondondozana ndiye musayembekezere zambiri. China, mkati mwa JPEG ya kamera mumakhala kachithunzi kakang'ono koonetsera, kamakhala koyambirira kwa fayilo ndiye nthawi zambiri kamapulumuka. Nchifukwa chake nthawi zina mufoda chithunzi chimaoneka chathunthu koma ukatsegula chili theka. Musanyengedwe ndi timeneti, tsegulani chimodzichimodzi musanauze kasitomala kuti zonse zili bwino.

Nyerere: Mavidiyo ndiye mutu weniweni. Makamera ambiri polemba MP4 kapena MOV amaika kalozera wa vidiyo kumapeto akamaliza kujambula, ndipo ena amalemba zidutswa mosinthanasinthana ndi tifayilo tina. Kalozerayo akasowa kapena akalumikizidwa ndi chidutswa cholakwika pulogalamu yoseweretsa imangokana ngakhale zithunzi zonse za vidiyoyo zili momwemo. Pali kapulogalamu kotchedwa untrunc kamene umakapatsa vidiyo ina yabwino yojambulidwa ndi kamera yomweyo, nkumangira kalozera watsopano. Nthawi zina zimatheka nthawi zina ayi. Koma vidiyo yabwinoyo mujambulire pa khadi ina chonde

Wazithunzi: Kkkk ndamva, khadi iyi siilowanso mu kamera mpaka nditamaliza. Nanga za chaka chatha zija zatulukira kuti, poti ndakhala ndikufomata khadiyi kangapo?

Mjomba: Mwaona? Si ndinanena kuti palibe chimafufutika

Kadzidzi: Kkkk Mjomba musasangalale msanga. Kufomata kwachangu kumangolemba kaundula watsopano wopanda kanthu, mbali yaikulu ija sikhudzidwa. Achemwaliwa tsiku lina chaka chatha anajambula zambiri khadi nkufika kutali, mwina 20 GB. Chichokereni apo ntchito zawo zakhala zikuthera pa 4 kapena 5 GB, kamera nkumalemba koyambirira komweko mobwerezabwereza. Ndiye zakutali zija palibe chimene chinafikako. Sizinapulumuke chifukwa sizifufutika, zapulumuka chifukwa malo ake sanafunidwe. Nthawi payokha sifufuta kanthu apa, fayilo ya dzulo itha kutayika pomwe ya chaka chatha ili bwinobwino.

Koma musadalire zimenezi pa kufomata kulikonse. Pa Windows mukachotsa chizindikiro pa Quick Format, kuyambira Windows Vista imalemba maziro pa disiki yonse. Makamera enanso ali ndi Low level format, ndipo ena ngakhale pa fomati wamba amauza khadi kuti ikhuthule zonse. Zikatero PhotoRec ipeza zero.

MayiAwiri: Nanga pa foni ukadilita chithunzi? Mwana wanga amadilita zinthu daily

Nyerere: Mayi yang'anani kaye mu Trash kapena Recently deleted mu galare, mafoni ambiri amasunga masiku 30. Zikachoka mmenemo ndiye zovuta

Kadzidzi: Zovuta kwambiri. Mafoni a masiku ano amasunga chilichonse chili chokhomedwa ndi kiyi, iPhone fayilo iliyonse ili ndi kiyi wakewake, Android nayo kuyambira 10 mafoni atsopano amayenera kukhoma mafayilo. Ndiye ngakhale zidutswa zitatsala pa tchipi, sungapezepo FF D8 FF, ndi phala losawerengeka. Kuonjezera apo foni imapanganso TRIM. Timapulogalamu tambiri tolonjeza kubweza zithunzi pa foni timangotola tizithunzi ting'onoting'ono totsalira ta galare kapena ta WhatsApp, nkukuonetsa ngati tachita zozizwitsa.

Mjomba: Chabwino ndiye tiitembenuze nkhaniyi. Ndikufuna kugulitsa laputopu yakale ya hadi disiki, ndiye kuti wogulayo atha kuona zanga zonse. Ndinamva kuti uyenera kulembapo ka 35 kuti zitheretu, apo ayi akatswiri amawerenga maginito otsalira

Kadzidzi: Nambala ya 35 inachokera kwa Peter Gutmann mu 1996, ndipo inali yokhudza madisiki a nthawi imeneyo ndi njira zosiyanasiyana zimene ankalembera. Pa hadi disiki ya masiku ano kulemba kamodzi pa disiki yonse nkokwanira. Chofunika ndi chakuti pakhale ponseponse, osati kangati. Fomati yathunthu ija ikwanira, kapena ngati mukufuna kusiya Windows ilipo dilitani zanu kenako mulembe izi, imadzaza malo onse opanda mwini:

```
cipher /w:C:\
```

Imatenga maola pa disiki yaikulu. Ngakhale ine pogulitsa ndingakonde kupukuta disiki yonse nkuika Windows yatsopano, chifukwa mapasiwedi a mu bulawuza ndi zina zotere si zodilitidwa, zikadali mafayilo amoyo amene lamulo limeneli silikhudza.

Mjomba: Mmm ine kamodzi sindikukhulupirira. Maboma amaphwanya ma disiki ndi makina, akanakhala kuti kamodzi nkokwanira bwenzi akuvutikiranji

Nyerere: Amaphwanya chifukwa nkwachangu komanso palibe kukaikira kuti mwina pulogalamu inalumpha pena. Disiki ikakhala ndi malo owonongeka imawapatula yokha, ndipo kulemba kwanu sikufikako, zakale zimatsala mmenemo

Kadzidzi: Zoona zimenezo, ngakhale ndi tizidutswa tochepa ndipo wogula laputopu wamba sangatifikire. Pa SSD ndiye kulemba pamwamba sikodalirika kwenikweni, chifukwa disiki imasankha yokha tchipi chimene ilembepo ndipo ili ndi malo ena apadera amene kompyuta siwaona. Kumeneko gwiritsani Secure Erase ya mu BIOS kapena ya pulogalamu ya kampani imene inapanga disikiyo.

Mjomba: Yanga ndi hadi disiki. Ndilembapo katatu, kamodzi ka inu kawiri ka mtima wanga

Gologolo: nanga fulashi yomwe ndinabwereketsa mnzanga sabata yatha nditangodilita zinthu zanga, ndiye kuti akhoza kuziona?

Nyerere: Ngati sanaidzadze ndi zake, eya akhoza. Munali chani mmenemo?

Gologolo: musandifunse, ndikumuimbira kaye